Mwalipira 20 Mbps koma fayilo ikubwera pa 750 kB/s: liwiro lija likuthera kuti?

Tiyerekeze kuti mwalumikizitsa intaneti ya kunyumba, ndipo papepala la kampani palembedwa 20 Mbps. Madzulo mwakhala pansi kuti mutsitse fayilo ya 1 GB, kapulogalamu kotsegulira masamba kakusonyeza 750 kB/s, ndipo kakuti mudikire mphindi zoposa 20. Munthu amene wawerengera mwachangu kuti mamegabayiti 1,000 kugawa ndi 20 ndi masekondi 50 amangoona ngati amubera poyerayera. Pali zinthu zingapo zimene zikudya liwiroli. Zina ndi masamu chabe, zina zili m'nyumba mwanu momwemo, zina zili pa nsanja ya netiweki, ndipo china chimene ambiri sachidziwa ndi kutalika kwa ulendo umene fayiloyo ikuyenda.

Choyamba n'chosavuta. Makampani amagulitsa liwiro powerengera mabiti, pomwe mafayilo amayezedwa m'mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Mukaona b wamng'ono, monga mu Mbps, akunena mamegabiti pa sekondi. Mukaona B wamkulu, monga mu MB/s, akunena mamegabayiti. Ndiye 20 Mbps ndi 2.5 MB/s basi. Fayilo ya 1 GB ija ndi mamegabiti 8,000, ndipo ngakhale zonse zitayenda bwinobwino imafuna masekondi 400, kapena kuti mphindi 6 ndi masekondi 40. Masekondi 50 aja sanalipo n'kale lomwe. Mukachulukitsa 750 kB/s ndi 8 mupeza 6 Mbps, ndiye funso lenileni n'lakuti chachotsa liwiro pa 20 n'kulifikitsa pa 6 n'chiyani.

Kagawo kakang'ono kamapita ku zokutira. Fayilo siyenda yonse pamodzi, imadulidwa m'timapaketi, ndipo paketi iliyonse nthawi zambiri sipitirira mabayiti 1,500. Mwa amenewa, 20 ndi a chokutira chokhala ndi adiresi ya kumene paketiyo ikuchokera ndi kumene ikupita, ena 20 ndi a ndondomeko yotchedwa TCP imene imawerenga mapaketi kuti asasokonekere. Katundu wanu weniweni amatsala mabayiti 1,460. Pa nthambo pamawonjezekanso mabayiti 38 pa paketi iliyonse, zonse pamodzi 1,538. Mukagawa 1,460 ndi 1,538 mupeza pafupifupi 95 pa 100 alionse. N'chifukwa chake nthambo ya 100 Mbps imene ilibe vuto lililonse imathera pa 94 kapena 95, ndipo ya 1,000 imathera cha pa 940. Pa chitsanzo chathu, 20 yatsika kufika pa 19, fayilo ija ikufuna mphindi 7. Ichi sichikonzeka, ndipo si chodandaulitsa. Wogula chimanga amadziwa kuti thumba nalo lili ndi kulemera kwake.

Chatsala ndi mpata waukulu uja, pakati pa 19 ndi 6.

Nambala ya papepala ndi ya chigawo chimodzi cha msewu

Nambala imene kampani yalengeza imanena za malire a pakati pa nyumba yanu ndi zida zawo zoyandikira, pa nthawi imene zinthu zili bwino. N'chifukwa chake nthawi zambiri patsogolo pa nambalayo pamakhala mawu akuti "mpaka". Koma fayilo imadutsa malo ambiri: seva imene ikuisunga, nthambo za pakati pa mayiko, netiweki ya kampani yanu, nsanja kapena faiba yofika kwanu, rauta, waifai, kenaka foni kapena laputopu yanu. Liwiro limene mumaliona ndi la pamalo pamene papanikiza kwambiri. Msewu ungakhale wa tala wonse, koma ngati pakati pali mlatho wodutsa galimoto imodziimodzi, ulendo wonse umayendera mlathowo. Ndiye kukweza phukusi kuchoka pa 20 kufika pa 50 kumathandiza pokhapokha ngati mlatho wopapatizawo ndi phukusilo. Ngati uli kwina, mwangowonjezera ndalama.

Kwa anthu ambiri kwathu kuno, intaneti imafika kudzera pa nsanja ya mafoni, kaya pafoni penipeni kapena pa karauta kolowetsa simu. Apa m'pamene liwiro limagawidwa kwambiri. Nsanja nthawi zambiri imayang'ana mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse ili ndi mpata wake wa mafunde umene anthu onse a mbali imeneyo amagawana. Pa 4G, mpata wa 20 MHz ungapereke 150 Mbps kwa chida wamba chokhala ndi tinyanga tiwiri tolandirira, koma nambala imeneyi ndi ya munthu mmodzi amene ali yekha, pafupi ndi nsanja, popanda chotchinga. Mpatawo ukakhala 10 MHz, nambala ija imagawika pakati. Ndipo si kuti aliyense amalandira 150 yakeyake ayi, ndi mphika umodzi wa anthu onse.

Pali chinanso chimene chimachititsa kuti mphikawo uchepe. Nsanja imalankhula ndi foni iliyonse molingana ndi mmene foniyo ikumvera. Foni imene ikumva bwino imatumiziridwa mabiti 6 pa chizindikiro chilichonse cha wailesi, pena mpaka 8. Foni imene ili kutali kapena mkati mwa nyumba ya makoma ochindikala imatumiziridwa mabiti 2 okha, ndipo ena mwa iwo amakhala obwereza kuti uthenga usasokonekere. Choncho munthu wa kumalire amatenga nthawi ya nsanja yochuluka katatu kapena kuposa kuti alandire zofanana ndi mnzake wapafupi, ndipo nthawi imeneyo imachoka pa mphika womwe uja. Tingoyerekeza kuti mbali imodzi ya nsanja, titaphatikiza apafupi ndi akutali, ikutha kupereka 40 Mbps. Mbandakucha, otsitsa zinthu atakhala awiri, inu mupeza 19 yanu yonse. Nthawi ya 8 koloko usiku anthu 7 akuonera mavidiyo nthawi imodzi, aliyense apeza pafupifupi 6. Ndi anthu 20, aliyense 2. Zili ngati kuchigayo tsiku la msika: injini ndi yomweyo, kungoti mzere watalika. Magetsi akazima nthawi yaitali n'kuthera mabatire pa nsanja ina, anthu ake onse amakhamukira ku nsanja yoyandikira, mzere uja n'kuwonjezekanso.

Timizere ta netiweki ta pamwamba pa foni sitiuza munthu zambiri, chifukwa timangosonyeza mphamvu ya mafunde, osati kuchuluka kwa anthu. Mungakhale ndi timizere tonse koma intaneti ikukwawa. Manambala othandiza ali patsamba la rauta, limene limatsegulidwa polemba adiresi yolembedwa kunsi kwa rautayo, kawirikawiri `192.168.8.1`, `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1`. Funani `RSRP` ndi `SINR`. Yoyamba ikunena mphamvu ya mafunde: cha pa -80 dBm ndi bwino kwambiri, cha pa -100 ndi pakatikati, kutsika kupitirira -110 ndiye kuti muli kumalire. Yachiwiri ikunena mmene mafunde anu akumvekera pakati pa phokoso la nsanja zina: pamwamba pa 20 dB ndi bwino, cha pa 0 ndi zovuta. Manambalawa akakhala oipa usana ndi usiku womwe, vuto ndi pamene rauta yaikidwa. Kuichotsa pansi pa tebulo n'kuiika pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja kumasintha zinthu kuposa mmene ambiri amaganizira, makamaka m'nyumba ya malata. Koma akakhala abwino, liwiro n'kumangogwa madzulo okha, ndiye kuti ndi mzere wa kuchigayo uja, ndipo palibe chimene mungakonze m'nyumba mwanu.

Faiba nayo imagawidwa, kungoti mphika wake ndi waukulu. Pa mtundu wofala wotchedwa GPON, ulusi umodzi wonyamula pafupifupi 2,500 Mbps umagawidwa ku nyumba 32 kapena 64. Makampani onse amagulitsa liwiro lochuluka kuposa limene ali nalo, podziwa kuti makasitomala satsitsa zinthu onse nthawi imodzi. Zimenezi pazokha si chinyengo, ndi mmene mtengo umatsikira. Chimene chimasiyanitsa kampani ina ndi inzake ndi kuchuluka kwa anthu amene yawaika pa mphika umodzi, ndipo nambala imeneyo simudzaiona pa chikwangwani cha malonda.

M'nyumba mwenimwenimo

Waifai imataya liwiro lambiri mwakachetechete. Nambala yolembedwa pa katoni ya rauta, monga 300 kapena 1200, ndi yophatikiza tinyanga tonse ndi mafunde onse, ndipo foni imodzi siingaifikire. Foni yotsika mtengo yokhala ndi kanyanga kamodzi, pa mafunde a 2.4 GHz, imalumikizika pa 72 Mbps ikakhala pafupi, ndipo zenizeni zimene zimadutsa ndi theka lake kapena kuposerapo pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti pa waifai amalankhula mmodzimmodzi. Chida chilichonse chimayamba chamvetsera ngati kuli zii, chimatumiza, kenaka chimadikira kuti wolandirayo avomere. Mukapita kuchipinda chogona, kuseri kwa makoma awiri a njerwa, 72 ija imatha kutsika kufika pa 14 kapena 7, ndipo apa waifai ndi imene yasanduka mlatho wopapatiza uja ngakhale phukusi lanu litakhala la 20 lokha. Choipanso n'chakuti chida chimodzi chakutali chimachedwetsa onse, popeza chikamalankhula pang'onopang'ono enawo amangodikira.

Pa 2.4 GHz pali njira zitatu zokha zosalowererana, 1, 6 ndi 11. M'nyumba zothithikana za lendi, kumene marauta khumi akumvana, onse amalimbirana njira zitatuzi. Mafunde a 5 GHz ali ndi njira zambiri ndipo amathamanga, koma salowa bwino m'makoma. Pa kompyuta ya Windows mungaone liwiro limene waifai yanu yalumikizikira polemba izi:

```
netsh wlan show interfaces
```

Yang'anani pamene palembedwa `Receive rate (Mbps)`, n'kuganizira theka la nambalayo. Nthambo nayo ili ndi msampha wake. Mkati mwake muli timawaya 8, ndipo kuti ifike pa 1,000 Mbps timafunika tonse. Kawaya kamodzi kakaduka kapena kakapanda kugwira bwino kumutu, nthawi zambiri nthamboyo imagwirabe ntchito koma pa 100 pokha, osanena kanthu. Munthu wa phukusi la 200 amene nthawi zonse akupeza 94 ndendende ayambe wayang'ana nthambo asanaimbire foni kampani.

Mtunda, chinthu chimene phukusi silingagule

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: mwayesa liwiro pa tsamba loyesera, lakusonyezani 19 Mbps, koma fayilo yochokera ku seva ina ya ku Ulaya ikubwera pa 300 kB/s. Manambala onse awiriwa akhoza kukhala oona pa nthawi imodzimodziyo.

TCP siingotumiza mapaketi mwachimbulimbuli. Imatumiza mulu wina wake, n'kudikira kuti wolandira ayankhe kuti afika, kenaka n'kuwonjezera. Taganizirani wamalonda amene akutumiza matumba kwa mnzake wa kutali koma salola kuti matumba oposa 40 akhale pamsewu asanamve kuti oyamba aja afika. Mnzakeyo akakhala m'tauni momwemo, yankho limabwera msanga ndipo matumba amangoyenda. Akakhala kutali, wotumizayo amathera nthawi yambiri atakhala pansi, ngakhale msewu uli wopanda galimoto. Choncho liwiro la fayilo imodzi silingapose izi:

```
liwiro = kukula kwa mulu / nthawi yopita ndi kubwera
```

Nthawi yopita ndi kubwerayo ili ndi malire amene palibe angawasunthe. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndiye makilomita 1,000 alionse amawonjezera mamilisekondi 10 popita ndi pobwera. Malawi ilibe gombe la nyanja ya mchere, choncho deta yopita ku Ulaya imayamba yadutsa pamtunda m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, n'kukalowa mu nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Nthambozi siziyenda molunjika, zimatsata gombe. Tiyeni titenge mamilisekondi 200 ngati chitsanzo cha ulendo wotero. Kuti 20 Mbps idzaze pa mtunda umenewu, pamsewu payenera kukhala makilobayiti 500 nthawi iliyonse. TCP yakale inkalola mulu wa mabayiti 65,535 okha, ndipo mukagawa amenewa ndi masekondi 0.2 mupeza 2.6 Mbps, kaya phukusi lanu ndi la 20 kapena la 1,000. Makompyuta a masiku ano amatha kukulitsa muluwo, koma mapulogalamu ena akale ndi zida zina zoikidwa pakati zimaupanikizabe.

Ngakhale mulu utaloledwa kukula, suyambira pamwamba. Umayamba ndi mapaketi 10, pafupifupi makilobayiti 14.6, n'kumawirikiza kawiri pa ulendo uliwonse: 29, 58, 117, 234, 467. Kuti uyandikire 500 pamapita maulendo asanu, kapena kuti sekondi imodzi yathunthu. Fayilo yaikulu siimva kanthu ndi zimenezi. Koma tsamba la pa intaneti lopangidwa ndi timafayilo ting'onoting'ono tambiri limatha kutseguka liwiro lisanafike n'komwe pamwamba, n'chifukwa chake kukweza phukusi sikufulumizitsa kwenikweni masamba a kutali.

Chimene chimapha liwiro kwambiri ndi kutayika kwa mapaketi kukakumana ndi mtunda. Paketi ikasowa, TCP imaganiza kuti msewu wadzaza, imachepetsa mulu, n'kuyambanso kukwera pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse yokwerera imadikira ulendo wathunthu. Pa TCP ya mtundu wakale masamu ake ali motere:

```
liwiro ≈ (MSS / RTT) × 1.22 / √p
```

Apa `MSS` ndi mabayiti 1,460 aja, `RTT` ndi nthawi yopita ndi kubwera, ndipo `p` ndi gawo la mapaketi otayika. Paketi imodzi yokha ikamatayika pa 1,000 alionse, seva ya pa mamilisekondi 20 ingakupatsenibe 22 Mbps, ndiye phukusi lanu la 20 lidzaza osadziwa n'komwe kuti pali vuto. Kutayika komweko pa mamilisekondi 200 kumakusiyani pa 2.25 Mbps, kapena kuti 280 kB/s, ndipo fayilo ya 1 GB ija ikufuna pafupifupi ola lathunthu. Njira zatsopano monga CUBIC ndi BBR zimapirira bwinoko, ndiye manambala enieni amakhala okwererapo, koma mtunda ndi kutayika zimachulukitsanabe. Waifai yofooka ya kuchipinda ija imatha kukhala ndiyo ikutaya mapaketiwo, vuto n'kumaoneka ngati la ku Ulaya chonsecho lili kuseri kwa khoma.

Tsamba loyesera liwiro limazemba zonsezi. Limasankha seva yoyandikira, nthawi zina ya m'netiweki ya kampani yanu yomweyo, ndipo limatsegula njira zingapo nthawi imodzi kuti ina ikachedwa zina zikhale zikuyenda. Limayeza bwino chigawo chimene munalipira, koma osati ulendo wa fayilo yanu. N'chifukwa chakenso mavidiyo a makampani aakulu amayenda bwino pomwe fayilo ya ku seva yaing'ono ikukwawa: makampaniwo amasunga makope a zinthu zawo pafupi ndi oonera. Ndipo seva nayo ili ndi malire ake. Masamba ambiri osungira mafayilo amachepetsa dala liwiro kwa amene sanalipire, ndipo zikatero nambala imaima pamodzimodzi ngati yakhomedwa, mwachitsanzo 200 kB/s, usana ndi usiku.

Kupeza pamene papanikiza

Njira yake ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Yambani mwachotsa zida zina zonse pa rauta, chifukwa foni imene ikukweza zithunzi kapena laputopu imene ikudzikonza yokha imadya liwiro osaoneka. Kukweza kumavuta mwapadera: njira yokwera nthawi zambiri ndi yopapatiza, ndipo ikadzaza, timayankho tija totsimikiza kuti mapaketi afika timaima pamzere, kutsitsa nako n'kugwa. Kenaka lumikizani laputopu ku rauta ndi nthambo, yesani liwiro, chotsani nthambo muyesenso pa waifai muli pamalo pamene mumakhala nthawi zonse. Ngati pa nthambo mwapeza 19 koma pa waifai 6, nkhani yathera m'nyumba. Ngati ponse pawiri mwapeza 6, bwerezani cha m'ma 5 koloko m'mawa. Kupeza 19 m'mawa ndi 6 madzulo ndi chizindikiro cha kuchulukana pa netiweki ya kampani. Kupeza nambala yotsika yosasuntha nthawi zonse, makamaka kumapeto kwa mwezi, kumasonyeza kuti mwadutsa malire a deta amene mabandulo ambiri otchedwa opanda malire amakhala nawo m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo akuchepetserani dala.

Pa za mtunda ndi kutayika, lamulo ili pa Windows limathandiza:

```
ping -n 100 8.8.8.8
```

Kumapeto limasonyeza mapaketi otayika ndi nthawi ya pakatikati. Liyendetseni kaye ku rauta yanu, polemba adiresi yake m'malo mwa `8.8.8.8`. Kumeneko nthawi iyenera kukhala mamilisekondi ochepa kwambiri, ndipo paketi isatayike ngakhale imodzi. Ikatayika pamenepo, vuto ndi waifai kapena nthambo. Kenaka liyendetseni ku seva ya kunja monga `8.8.8.8` ija, koyamba palibe chimene chikutsitsidwa, kachiwiri fayilo ili mkati motsika. Ngati nthawi ikudumpha kuchoka pa 60 kufika pa 600 fayilo ikangoyamba, ndiye kuti rauta kapena nsanja ikuunjika mapaketi pamzere wautali, ndipo ichi ndi chimene chimadula mawu pa foni ya vidiyo wina m'nyumbamo akayamba kutsitsa kanema. Pa marauta amene ali ndi `QoS` kapena `SQM`, zomwe ndi njira zoyendetsera mzere wa mapaketi, kuika malire pang'ono pansi pa liwiro lenileni, monga 17 pa liwiro la 19, kumathetsa mzerewo.

Zonse zikakhala bwino koma fayilo ya ku seva ya kutali ikuyendabe pa 280 kB/s, yesani pulogalamu yotsitsira imene imadula fayilo m'zigawo 8 n'kuzikoka nthawi imodzi. Chigawo chilichonse chimakhala ndi mulu wakewake, ndiye 2.25 kuchulukitsa ndi 8 ndi 18 Mbps, ndipo ola lija limabwerera cha pa mphindi 7 ndi theka. Nambala ikakana kusuntha ngakhale mwatero, ndiye kuti mwini sevayo ndi amene waika malire, ndipo chotsala ndi kuyang'ana ngati tsambalo lili ndi seva ina yoyandikira, monga ya ku Johannesburg kapena ku Nairobi.